Mwana akakana masamba, yambani mwafunsa mphika



Pali dandaulo limodzi limene silikutha pakati pathu. Timalimva pa nthawi yopuma kusukulu, timalimva ku tchalitchi, ndipo inu ana asukulu anga akale amene tsopano ndinu makolo mumabwera nalo kawirikawiri: "Aphunzitsi, mwana wanga sadya masamba." Mankhwala amene ambiri timawadziwa ndi awiri okha. Ena amatenga kamtengo nkukhala pambali pa mwana mpaka mbale iyere. Ena amangogonja, nkumukazingira dzira tsiku ndi tsiku pamene ena onse akudyera nkhwani. Ine ndikuti njira ziwiri zonsezi nzolakwika, ndipo zimalakwa pa chifukwa chimodzi: zimayang'ana mwana, pamene vuto lili mu mphika, pa nthawi yodyera ndi pa mphasa.

Tiyambe ndi lilime la mwanayo. Mwana amabadwa wokonda zotsekemera ndi wodana ndi zowawa. Si mwano ayi, ndi chitetezo chachibadwa, chifukwa zomera zambiri zakupha nzowawa. Kuonjezera apo, kuyambira zaka 2 mpaka 6 ana ambiri amakayikira chakudya chilichonse chimene sanachizolowere. Nchifukwa chake mwana amene ankameza chilichonse ali kumsana amayamba kufinya nkhope akangoyamba kuthamanga yekha pabwalo. Komanso anthu sitimva kuwawa mofanana. Pali ena amene mwachibadwa amamva kuwawa kwa mpiru, repu ndi kabichi mwamphamvu kuposa anzawo. Ndiye mwana akanena kuti "zikuwawa," musafulumire kumutcha wabodza. Mwina akunena zoona, kungoti lilime lanu ndi lake nzosiyana.

Wina atha kunena kuti nkhaniyi njaing'ono, mwana bola wakhuta nsima. Koma kafukufuku wa boma wa za umoyo wa m'chaka cha 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno anali opinimbira, ndipo 63 pa 100 anali ndi magazi ochepa. Masamba okha sangathetse zimenezi, nchifukwa chake a zaumoyo amatiphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya. Koma pa magulu onsewo, masamba ndiwo amene ali pafupi ndi khomo lililonse, ngakhale la munthu wopanda tambala. Mwana akawakana, ndiye kuti masiku ambiri akudya nsima ndi msuzi basi.

Kuno ku Kasungu vutoli lili ndi nkhope yakeyake, ndipo nkhopeyo ndi fodya. Taganizani. Miyezi imene masamba amachuluka, kuyambira Januwale mpaka Malichi, pamene nkhwani, bonongwe, chisoso ndi khwanya zili ponseponse, ndi miyezi yomweyo imene banja lonse lili pa kuthyola ndi kusoka fodya. Mayi amatereka mphika wa masamba m'mamawa, nkuusiya pamoto, nkupita ku chigafa. Pofika masana ndiwo zija zalowerera, zazizira, zada. Kenako msika wa Chinkhoma ukatsegulidwa cha mu Epulo, ndalama zikalowa, pakhomo pamabwera nyama, buledi ndi zakumwa za m'botolo, ndipo masamba amasowa pa mphasa kwa milungu ingapo. Mwana ndi wophunzira wanzeru. Amaona yekha kuti masamba ndi ndiwo ya masiku ovuta, nyama ndi ndiwo ya masiku abwino. Ife aphunzitsi tisaseke alimi, chifukwa kwathu nchimodzimodzi: nkhuku sabata ya malipiro, mpiru wa madzi okhaokha pakati pa mwezi. Phunziro limenelo tinamuphunzitsa ndife.

Tsono tilowe m'khitchini. Chinthu choyamba ndi kusankha masamba oyambira. Musayambe ndi luni kapena mpiru wokhwima, amenewo ndi mayeso a Fomu 4. Yambani ndi masamba ofatsa: nkhwani wanthete, bonongwe, kholowa kapena chayinizi. Thyolani nsonga ndi masamba aang'ono, chifukwa tsamba likamakula limaonjezera kuwawa ndi kulimba. Nkhwani musadzule bwinobwino. Ana ambiri amene amati amadana ndi nkhwani sadana ndi kakomedwe kake, amadana ndi timinga ndi mitsitsi imene imawakanda pakhosi. Tsukani masamba musanawadule, kawiri kapena katatu, chifukwa mwana akangoluma mchenga kamodzi amakumbukira mwezi wonse. Ndipo dulani tizidutswa ting'onoting'ono. Mwana wa zaka zitatu sangathe kudula tsamba lalitali ndi mano, limamutsamwa, ndiye amalavula.

Chachiwiri ndi kaphikidwe. Nayi njira ya nkhwani wotendera wokwanira banja laling'ono. Wiritsani madzi theka la kapu ndi kamchere pang'ono, ndipo masamba muwaike madzi atawira kale, osati m'madzi ozizira. Ikani nkhwani wodula wodzaza manja awiri, vundikirani kwa mphindi zisanu. Ikani tomato mmodzi wakupsa bwino, pamwamba pake wazani nsinjiro masipuni aakulu atatu kapena anayi, vundikiraninso mphindi zina zisanu osatakasa. Kenako takasani, chepetsani moto, mulole nsinjiro ipse kwa mphindi zinanso zisanu mukutakasa kuti isapserere. Ntchito yonse siposa mphindi 15 kapena 20. Chizindikiro chake ndi mtundu. Masamba opsa bwino amakhalabe obiriwira. Akafika pa mtundu wa fodya wa bale wouma m'chigafa, dziwani kuti mwapitiriza. Izi nzofunika kwambiri pa repu, mpiru ndi kabichi, chifukwa masamba a mtundu umenewu akakhalitsa pamoto amatulutsa fungo lija la dzira lowola, ndipo mwana amakana ndiwo ndi mphuno asanalawe nkomwe. Choncho masamba aziphikidwa pomalizira, madzi a nsima ali pamoto, osati m'mamawa.

Nsinjiro si yokometsera chabe. Mafuta a mtedza amaphimba kuwawa, amafewetsa ndiwo kuti imezeke mosavuta, komanso amathandiza thupi kutenga vitamini A amene ali m'masamba obiriwira. Popanda mafuta, vitamini ameneyu wambiri amangodutsa. Kamchere ndi tomato nazonso zimachepetsa kuwawa. Ife a ku Kasungu tili ndi mwayi, mtedza timalima tokha. Chachisoni nchakuti ena timagulitsa wonse kwa mavenda nthawi yokolola, nkumadya masamba a madzi ndi mchere chaka chonse. Sungani ndowa ziwiri za mtedza wa ana. Koma musanasinje, sankhani. Mtedza wonyala, wakuda, wa chuku kapena wowawa utayidwe, chifukwa umakhala ndi poizoni amene amaononga chiwindi ndi kubweza mwana m'mbuyo pa kakulidwe. Chizolowezi chogulitsa mtedza wabwino nkusinja wotsalira wonyala chisiyidwe. Tsiku limene nsinjiro palibe, sipuni imodzi ya mafuta ophikira, anyezi ndi tomato zimagwira ntchito yomweyo.

Pa soda ndi chidulo ndikudziwa kuti tikangana ndi amayi ena. Nzoona kuti soda amafewetsa masamba msanga ndipo amapulumutsa nkhuni. Koma amaononga vitamini C ndi ena a gulu la B, ndipo akachuluka ndiwo imamveka ngati sopo nkumaterera mkamwa. Masamba anthete odulidwa bwino safuna soda. Musiyireni therere, ndipo kumenekonso kakhale kotsina ndi zala ziwiri. Pali ndiwo imodzi yokha imene lamulo la kuphika mwachangu silikugwira: chigwada. Masamba a chinangwa ayenera kusinjidwa ndi kuwira mokwanira mphika uli wosavundikira, kuti poizoni wake achoke. Pamenepo musafupikitse nthawi.

Chinanso chimene ambiri sitichiganizira ndi manja. Munthu amene wakhala akusoka fodya tsiku lonse amakhala ndi utomoni wakuda uja m'zala, ndipo utomoniwo ndi wowawa koopsa. Kusamba m'manja mwachidule m'beseni sikuuchotsa. Mayi kapena mlongo wake akamuumbira mwana mbamu ndi manja oterowo, chilichonse chimawawa, ndipo mwana amaloza ndiwo. Sambani ndi sopo mpaka utomoni uthe musanagwire chakudya. Komanso amene mumadzala masamba m'mbali mwa nazale ya fodya kudimba, musawapopere mankhwala a fodya. Amenewo sanapangidwire chinthu chodyedwa.

Tachoka pa mphika, tifike pa mphasa. Mimba ya mwana njaing'ono. Mwana amene wadya zigege, makamba ndi fizi cha m'ma 11 koloko safuna nkhwani 12 koloko, ngakhale wophikidwa ndi katswiri. Pakhale maola awiri opanda zotolatola nthawi ya nsima isanakwane, madzi okha basi. Njala yabwino ndi ndiwo yoyamba. Tiyi naye asamwedwe pamodzi ndi chakudya, chifukwa amadzaza mimba komanso amalepheretsa thupi kutenga ayironi wa m'masamba.

Mwana akhale ndi kambale kake, ndipo m'kambalemo muikemo sipuni imodzi yokha ya masamba. Inde, imodzi. Mulu wa masamba umamuopsa, sipuni imodzi amaiona kuti ndi yotheka. Pambali pake pakhale chinthu chimene amachidya kale, kaya ndi nyemba, kaya usipa, kuti asagone ndi njala. Kambale kake kali ndi ubwino wina: pa mbale ya onse simungadziwe chimene mwana wadya, chifukwa akuluakulu ake amamulanda zabwino, iye nkumangonyambita msuzi. Koma ngakhale ali ndi kambale kake, adyere pamodzi ndi ena, aziona. Apa abambo tiyenera kumvetsana. Ngati bambo akaona masamba amafunsa kuti "kodi ndine mbuzi?" ndipo nthuli zonse za nyama zimapita ku mbale yawo, musadabwe mwana akatengera. Ana satsatira zimene timanena, amatsatira zimene timatafuna.

Kenako pamabwera gawo lovuta kwambiri: kukhala chete. Osanyengerera, osaopseza, osalonjeza switi. Katswiri wina wa kadyedwe ka ana wa ku Amereka, Ellyn Satter, anagawa ntchito motere: kholo ndilo limasankha chimene chidyedwe, nthawi yake ndi malo ake, mwana ndiye amasankha ngati adye ndi kuchuluka kwake. Kafukufuku wina wa kumeneko wa m'chaka cha 2006 anaonetsa kuti ana amene ankauzidwa mobwerezabwereza kuti amalize supu wawo ankadya wocheperapo ndipo ankamunyoza kwambiri supuyo kuposa pamene sanakakamizidwe. Ife aphunzitsi izi timazidziwa. Mwana amene anaphunzira masamu ndi chikwapu amathawa masamu moyo wake wonse. Kulonjeza switi nakonso kuli ndi msampha wake, chifukwa kumamuuza mwana kuti masamba ndi chilango, switi ndiye malipiro.

Chimene chimagwira ntchito ndi kubwereza. M'chaka cha 2003, Jane Wardle ndi anzake ku London anapempha makolo a ana a zaka 2 mpaka 6 kuti azipatsa mwana kachidutswa kolawa ka ndiwo yamasamba imene amadana nayo, tsiku lililonse kwa masiku 14. Pakutha pa masikuwo anawo ankaikonda ndi kuidya kwambiri kuposa ana amene makolo awo anangopatsidwa malangizo a pa pepala. Ife timayesa kawiri kapena katatu, nkugamula mlandu kuti "uyu sadya masamba." Nkulemba mwana kuti walephera atangolowa m'kalasi masiku atatu. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Ndikupatseni chitsanzo cha mmene zinayendera pa khomo lina. Mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa, pano ndi mayi wa ana awiri ndipo amalima fodya ndi amuna ake cha ku Chamama, anali ndi mnyamata wa zaka zinayi amene ankadya nsima ndi msuzi wa tomato, mazira kapena usipa basi. Titakhala pansi nkufunsana za tsiku lonse la mwanayo, tinapeza zinthu zitatu. Masamba ankaphikidwa m'mamawa ndi soda nkudyedwa masana ozizira. Agogo ake ankamugulira zigege pochokera ku sukulu ya mkaka. Ndipo akakana ndiwo, mayi ankadzuka kukakazinga dzira.

Sabata yoyamba anasintha zitatu zomwezo. Agogo anapemphedwa mwaulemu kuti zigege zizibwera madzulo, osati nsima isanapse. Nkhwani wotendera ankaphikidwa pomalizira, ndipo mnyamatayo ankapatsidwa sipuni imodzi pambali pa nyemba kapena usipa. Dzira lapadera linatha, mazira ankadyedwa ndi onse pa tsiku lake. Masiku atatu oyamba sanakhudze nkomwe, ndipo tsiku lachiwiri analira kufuna dzira mpaka agogo anatsala pang'ono kugonja. Apa ndi pamene mabanja ambiri amabwerera m'mbuyo. Mayi anangochotsa mbale osanena kanthu, ndipo mwana anadya bwino madzulo. Tsiku lachinayi anasunsa mbamu mu msuzi wa nsinjiro, osatenga tsamba. Kumeneko nkupambana kale, ngakhale sikuoneka. Sabata yachiwiri anayamba kumutuma kukathyola nsonga za nkhwani kuseri kwa nyumba ndi kuwaza nsinjiro mu mphika mayi atamugwira dzanja. Ndiwo ija inasanduka "ndiwo yanga." Chakumapeto kwa sabatayo sipuni ija inkatha, tsiku lina nkupempha ina. Atazolowera nkhwani anayamba kusakanizamo mpiru, gawo limodzi pa magawo atatu a nkhwani. Mpiru wokhawokha amaukanabe mpaka lero, luni ndiye osayerekeza. Zilibe kanthu. Mwana amene amadya nkhwani, bonongwe ndi kholowa sakusowa kanthu chifukwa chokana luni.

Ndikudziwa zimene ena mukunena mumtima. "Ife tinakula osafunsidwa, chimene chaphikidwa ndicho chomwecho." Nzoona, ndipo mbali ina ya chilango chakalecho ndikuivomereza: pakhomo paphikidwe mphika umodzi, mwana asakhale ndi lesitilanti yake. Chimene ndikukana ndi kamtengo. Komanso tikumbukire kuti ife tinalibe golosale pa ngodya iliyonse yogulitsa makamba, tinkafika pa mphasa ndi njala yeniyeni. Ndipo agogo athu ankadziwa kutendera. Ife tasunga ukali wawo, luso lawo la pa mphika tataya.

Ena amati njira yachidule ndi kubisa masamba. Kusinja bonongwe wophika kapena ufa wa chamwamba nkuthira m'phala la mgaiwa la nsinjiro ndi chinthu chabwino, makamaka kwa mwana wosakwana zaka ziwiri kapena amene akuchira matenda. Sipuni yaing'ono imodzi njokwanira poyamba, mukachulutsa phala limawawa ndipo mwana adzakana ndi phala lomwe. Futali wa mbatata yofiira mkati, monga Kadyaubwerere kapena Kaphulira, nayenso amapereka vitamini A popanda nkhondo, pakuti ndi wotsekemera kale. Koma kubisa kumadyetsa thupi, sikuphunzitsa lilime. Mwana amene sanaonepo tsamba m'mbale yake adzafika ku sekondale yogonera konko akukanabe, ndipo kumeneko kulibe womukazingira dzira. Ife timawaona ana oterewa, amathera ndalama za m'thumba pa mandasi nkumasinza m'kalasi masana. Bisani pang'ono m'phala la m'mawa, koma sipuni yooneka ija isachoke pa nsima ya masana.

Pomaliza, tisiyanitse mwana wosankha ndi mwana wodwala, chifukwa zonse ndanenazi nza mwana wosankha. Wosankha amakana masamba koma amadya zina mokondwa, amasewera, ndipo mzere wa m'kabuku kake ka kusikelo ukukwera. Koma ngati mwana wasiya mwadzidzidzi kudya chilichonse, watentha thupi, ali ndi zilonda mkamwa, m'manja ndi m'zikope mwayera, mapazi atupa, tsitsi lasanduka lofiirira ndi lonyozoloka, kapena sikelo yaima kapena kutsika kwa miyezi iwiri, imeneyo si nkhani ya mphika. Atha kukhala malungo, njoka za m'mimba, kuchepa kwa magazi kapena kunyentchera. Musadikire masiku 14. Pitani naye kwa alangizi a zaumoyo kapena ku chipatala msanga. Chimodzimodzi mwana amene amatsamwa kapena kusanza nthawi zonse akamameza, kapena amene zakudya zonse zimene amalola sizikwana zala za m'manja, aonedwe ndi achipatala.

Kwa ena nonse, ntchito ya kunyumba ndi iyi. Sankhani ndiwo imodzi yofatsa, iphikeni mwachangu ndi nsinjiro, tsekani zotolatola maola awiri nsima isanapse, ikani sipuni imodzi m'kambale, idyani inunso iye akuona, ndipo mutseke pakamwa kwa milungu iwiri. M'mera mpoyamba. Mukadzakumana nane pa msika pa boma, mudzandiuze mmene zayendera, ndipo amayi amene mukuumirirabe soda, bwerani tidzakambirane, khutu ndatchera.